Kupeza kangodya ka pemphero m'nyumba yodzaza anthu

"Timakhala anthu 7 m'nyumba ya lendi ku Area 25 mu Lilongwe, ya zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza, yopanda siling'i. Ine ndine Mkatolika ndipo ndimalakalaka kangodya koti ndizichitirapo Kolona ndi kuwerenga Mawu mwakachetechete, koma ana ndi wailesi sandipatsa mpata. Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, ndi wa mpingo wa Pentekoste ndipo amapemphera mokweza. Ndingakonze bwanji malo otere osayambana ndi a m'nyumba kapena eni nyumba?"

Mayi, musagule chilichonse sabata yoyamba, ngakhale katani kapena kandulo. Chifukwa chake chili pamwamba pa mutu wanu. M'nyumba yopanda siling'i makoma a mkati amathera m'munsi mwa malata, ndipo mpata umene umatsala pamwambapo ndi njira ya phokoso: mawu ochokera pabalaza amakwera, n'kugunda malata, n'kutsikira m'chipinda chilichonse. Phokoso limatchingidwa ndi chinthu cholemera chopanda mipata, monga khoma la njerwa lofika kudenga ndi chitseko chotsekeka bwino. Nsalu, katoni ndi mphasa zimatchinga maso okha, makutu ayi. Choncho bata limene mukufuna simudzalimanga ndi zipangizo. Mudzalipeza posankha nthawi imene nyumba imakhala chete payokha, ndi pogwirizana ndi anthu amene mumakhala nawo. Malo ndi zoikapo zimabwera pambuyo pa ziwirizi, ndipo ambiri amene amayambira ku zokongoletsa amatsala ndi kona yooneka bwino imene sapempherapo.

Ntchito ya sabata yoyambayo ndi kumvetsera nyumba yanu. Tengani pepala, ndipo tsiku lililonse muzilemba nthawi imene munthu woyamba wadzuka, imene mbaula yayatsidwa, imene ana anyamuka ndi kubwerako kusukulu, imene wailesi kapena kanema zayatsidwa ndi kuzimitsidwa, ndi imene mlamu wanu amayamba ndi kutsiriza mapemphero ake. Lembaninso za kunja: tsache la aneba, ndowa pampopi, maminibasi, nyimbo za pamalo omwera ngati alipo pafupi. Muphatikize Loweruka ndi Lamulungu, chifukwa masiku awiriwa ali ndi kayendedwe kawokawo. Pakutha pa sabata mudzaona mipata iwiri kapena itatu imene imabwerezabwereza, ndipo kawirikawiri imakhala mbandakucha anthu asanadzuke, m'mawa ana atangopita kusukulu, ndi usiku onse atagona.

Mpata umene mukufuna si waukulu. Kolona ya mizere isanu, yonenedwa mosathamanga, imatenga mphindi 15 kapena 20, ndipo mukawonjezapo kuwerenga ndime ya tsikulo ndi kukhala chete pang'ono, zonse zimakwana mphindi 30. Pa mipata itatu ija ine ndimakonda wa mbandakucha, popeza ndi wokhawo umene sulandidwa ndi mlendo, wogulitsa masamba kapena kutopa kwa tsiku. Pa Marko 1:35 timawerenga kuti Yesu anadzuka kusanache, kukadali mdima, napita kumalo kopanda anthu kukapemphera, ndipo mavesi a m'mbuyo mwake amasonyeza kuti madzulo ake mudzi wonse unali utasonkhana pakhomo pa nyumba imene anali. Koma mpata umenewu uli ndi mtengo wake. Ku Lilongwe dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko mu Novembala ndi Disembala, ndipo limachedwa mpaka cha m'ma 6 koloko mu Juni ndi Julayi, kotero nthawi imene nyumba imadzuka imasuntha ndi nyengo, ndipo yanunso iyenera kusuntha. Komanso wodzuka 4:30 ayenera kukhala atagona pofika 9:30 usiku. Ngati mumagona 11 koloko chifukwa cha mbale ndi yunifolomu za ana, mudzangosinzira ndi Kolona m'manja, ndipo kuli bwino musankhe mphindi 30 zotsatira ana atangotuluka, musanagwire tsache, ngati ntchito yanu imakulolani kukhala pakhomo nthawi imeneyo.

Mukapeza nthawi, pali funso limene liyenera kuyankhidwa musanaloze khoma lililonse: kodi kangodyaka ndi kanu, kapena ndi ka nyumba yonse? Yankho lake ndi limene limasankha chipinda. Pa mwambo wathu, ana osinkhuka ndi alamu salowa wamba kuchipinda kwa makolo, ndipo mwambo umenewu ndi chitseko cholimba kuposa cha matabwa. Mukaika malo anu kuchipinda kwanu, mwapeza kale chitetezo chimene simukanachipeza kwina, koma dziwani kuti mlamu wanu sadzapempherapo, ndipo bambo akunyumba ayenera kuvomera chifukwa chipindacho ndi chawonso. Mukaika pabalaza, aliyense atha kugwiritsa ntchito, koma pamenepo ndi pamene pamadutsa anthu, pamadyedwa nsima, pamafikira alendo, mwinanso pamagona anyamata usiku. Popeza inu ndi mlamu wanu mumapemphera mosiyana, ndipo zinthu monga chithunzi cha Amayi Maria ndi madzi odalitsidwa ndi zopatulika kwa inu pamene kwa iye zingakhale chopunthwitsa, maganizo anga ndi akuti malo anu akhale kuchipinda kwanu. Kona imodzi ya onse imamveka ngati chikondi, koma m'nyumba ya mipingo iwiri nthawi zambiri imasanduka bwalo la mtsutso wosayankhulidwa, wina akuika chithunzi, wina akuchitembenuzira kukhoma.

Tsopano tengani tepi yoyezera, kaya ya atelala, tiyeze chipinda. Ndiyerekeza kuti chanu ndi cha mamita 3 mbali zonse, monga zilili zipinda zambiri za nyumba za lendi, ndipo muli bedi la dabulo, limene m'litali limakhala masentimita pafupifupi 190 ndipo m'lifupi pafupifupi 140. Bedi likagunda khoma kumutu ndi mbali imodzi, kumiyendo kwake kumatsala mpata wa masentimita 110 kufika kukhoma, ndipo mpatawo ndi wotambalala masentimita 140 molingana ndi bedilo. Munthu wamkulu wogwada amafuna malo a masentimita pafupifupi 60 m'lifupi ndi mita imodzi m'litali, ndipo wokhala pa kampando amafuna pafupifupi chimodzimodzi. Ndiye kuti malo amene mukufunafunawo alipo kale kumiyendo kwa bedi lanu, kungoti lero pali masutikesi, dengu la zovala zochapa ndi nsapato za pa Lamulungu. Masutikesi alowe kunsi kwa bedi kapena akwere pamwamba pa wadiropu, dengu lipite kuseri kwa chitseko. Ngati chitseko chimatsegukira mbali yomweyo, kumbukirani kuti chimadya masentimita pafupifupi 80 potseguka, ndipo zikatero bedi litembenuzidwe kuti kumiyendo kuloze ngodya yotalikirana nacho. Musaike malowa panjira imene bambo amadutsa popita kukasamba, chifukwa munthu wodumphidwa miyendo m'mawa uliwonse sachedwa kusiya.

Ngati chipinda chikukupatsani ngodya ziwiri zoti musankhepo, gwirani makoma ndi dzanja. Khoma la kumadzulo limawombedwa ndi dzuwa masana onse, ndipo mu Okutobala njerwa zimasunga kutenthako mpaka usiku, kotero wopemphera madzulo adzatuluka thukuta pamenepo, pamene wopemphera mbandakucha sadzavutika. Khoma lakunja limene limamenyedwa ndi mvula limazizira ndi kunyowa kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo mudzalidziwa ndi penti yosupuka m'munsi, madontho akuda pakona, ndi fungo la nkhungu. Khoma limene kuseri kwake kuli kanema wa pabalaza, kapena limene mumagawana ndi aneba ngati nyumbayo ndi ya mdadada, ndi loipa kuposa onse pa nkhani ya phokoso. Mukapeza ngodya yanu, khalani moyang'ana khoma, osati moyang'ana chipinda. Maso ndi amene amayamba kuthawa pemphero makutu asanatero: mukaona malaya osasita kapena bedi losayala, mtima wanyamuka kale kupita kuntchito.

Pa chifukwa chomwechi katani ili ndi ntchito, ngakhale siletsa phokoso. Imabisa chipinda kwa inu, imakubisani kwa wolowa, ndipo imachepetsa kuwala kwa nyale yanu kuti kusadzutse wogona. Chitenje chimodzi chimakhala pafupifupi mamita awiri m'litali ndi mita imodzi ndi pang'ono m'lifupi. Mukachipachika choimirira chimafika pansi, koma m'lifupi sichikwana masentimita 140 aja, choncho pafunika ziwiri zolumikizidwa, kuti zikhale ndi mapindikidwe. Atelala apinde mpendero pamwamba woti mulowe waya wa katani kapena chingwe cha nayiloni. Sankhani nsalu ya mtundu umodzi wofatsa, osati ya zithunzi za anthu kapena malemba, popeza chilichonse cholembedwa maso amachiwerenga okha. Pomangirira, kusowa kwa siling'i kukuthandizani: mitengo ya denga ili poyera, ndipo mutha kumangako zingwe ziwiri zotsika, n'kupachikapo nsungwi yowongoka yonyamula kataniyo, osakhoma msomali ndi umodzi womwe. Misomali ya konkire imagumula pulasitala, makamaka wa simenti yochepa, ndipo ndi pamene pamayambira mkangano ndi eni nyumba tsiku losamuka. Ngati simungachitire mwina koma kukhoma, apempheni kaye, ndipo mulonjeze kudzamata mabowowo.

Pansi pa simenti pamazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo mkeka wokha suteteza mawondo. Yalani mkeka waung'ono, pamwamba pake bulangeti lakale lopindidwa kanayi, kapena chidutswa cha matiresi akale chokutidwa ndi nsalu. Pambali pakhale kampando kofika m'mawondo mukaimirira, ndiye kuti masentimita 40 kapena 45. Sindikuona phindu pa kugwada mphindi 30 mawondo akuwawa, chifukwa maganizo onse amathera pa ululuwo. Gwadani poyamba ndi pomaliza, pakati khalani pansi msana uli chilili. Chimene muyenera kupewa ndi kukhala pabedi kapena kulitsamira, pakuti thupi limadziwa kuti bedi ndi la tulo ndipo silichedwa kumvera.

Za zoikapo, muyeso wabwino uli pa 2 Mafumu 4:10, pamene mayi wa ku Sunemu anakonzera Elisa kachipinda n'kuikamo zinthu zinayi zokha: kama, tebulo, mpando ndi nyale. Kwa inu kashelefu kapena katebulo ka masentimita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi n'kokwanira, ndipo kuchepa kwakeko n'kwadala, chifukwa malo aakulu amaitana mafuta odzola, makiyi ndi machaja a foni. Pakhale Baibulo, buku la mapemphero, Kolona, mtanda kapena chithunzi chimodzi, ndi kope ndi cholembera. Kopelo lili ndi ntchito imene ambiri saiganizira: pakati pa pemphero mukakumbukira kuti ufa watha kapena fizi ya mwana sinalipidwe, lembani mawu awiri n'kubwerera ku pemphero, m'malo molimbana ndi ganizolo kuopa kuliiwala.

Mabuku asakhale pansi ndipo asagunde khoma lakunja. Siyani mpata wa zala zitatu pakati pa shelefu ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Chinyezi chimayamba kuoneka ndi mapepala opindikapindika ndi timadontho tachikasu m'mphepete, ndipo zikatero tsegulani bukulo pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu limene limaumitsa guluu wa chikuto. Musalikulunge m'jumbo nyengo ya mvula, chifukwa pulasitiki imatsekera chinyezi mkati ndipo nkhungu imamera msanga. Kathumba ka nsalu ndi kabwino, ndipo ngati m'nyumbamo muli makoswe kapena mphemvu, bokosi lachitsulo kapena kontena yotsekeka imene mumatsegula tsiku ndi tsiku ndi yabwino koposa. Kamodzi pa sabata sunthani katebulo muyang'ane kuseri, ndipo mukaona kanjira ka dothi kokwera khoma, chiswe chafika, ndipo chiswe chimatha kudya buku kuchokera kumbuyo chikuto chikuonekabe chabwinobwino.

Pa nkhani ya kuunika ndikhala wouma mtima pang'ono. Ndikudziwa kuti kandulo ili ndi tanthauzo pa pemphero la Mkatolika, koma taonani malo amene tayezawa: mbali imodzi kuli katani, mbali ina kuli neti ya udzudzu ndi zofunda, pakati pali mapepala, ndipo zonsezi zili m'kati mwa mita imodzi kuchokera pa lawi. Neti imagwira moto mofulumira ndipo imasungunuka n'kudonthera pa wogona, pamene inu muli maso otseka kapena mwasinzira. Pamalo otere kandulo isayatsidwe, ngakhale magetsi atazima. Kanyale ka sola kapena kotchaja ndi kokwanira kuwerengera, ndipo kaikidwe pambali pa phewa, kuloza pa tsamba, osati kumaso kwanu kapena kwa bambo. Kandulo isungidwire mapemphero a banja pabalaza, pa tebulo lopanda nsalu yolendewera, itaimikidwa m'mbale yachitsulo kapena m'botolo lotakasuka kukamwa, ndipo wamkulu aizimitse asanachoke. Mbaula nayo isalowe m'chipinda chotseka kuti ikutetezeni ku kuzizira kwa Juni. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, umene umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo wogona sadzuka kuti athawe. Fundani bulangeti basi.

Foni ndi nyale yoipa ndiponso Baibulo loipa pa nthawi imeneyi, osati chifukwa cha malemba ake, koma chifukwa mauthenga a usiku wonse amakhala akudikira pa galasi lomwelo. Ngati ndi imene imakudzutsani, zimitsani alamu n'kuisiya pomwepo. Ngati kuwerenga kwa tsikulo mumakupeza pa foni, lembani mavesi ake m'kope madzulo, kuti m'mawa mungotsegula buku.

Zonsezi n'zosavuta poyerekeza ndi kukambirana ndi anthu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mufatse. Yambani ndi bambo akunyumba, muli awiri, musanasunthe sutikesi ndi imodzi yomwe. Musawapemphe kuti nyumba izikhala chete, chifukwa pempho lotero lilibe malire ndipo palibe angalikwanitse. Pemphani chinthu choyezeka: "Bambo, ndikufuna mphindi 30 m'mawa uliwonse, kuyambira 5 koloko, pakona iyi. Sindiyatsa getsi lalikulu, ndipo madzi osamba adzakhala ali pamoto." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa mantha a anthu a m'nyumba sakhala pa pempherolo, koma pa ntchito imene akuganiza kuti itsalira. Mukasonyeza kuti phala la ana ndi madzi sizichedwa, kapena mwagawa kale amene azichita, kukana kumachepa.

Ana amamvera chizindikiro chooneka kuposa mawu. Auzeni kuti katani ikatsekedwa, kapena kansalu kakapachikidwa pa chogwirira chitseko, amayi akupemphera, ndipo adzatuluka muvi waukulu wa wotchi ukafika pa 6. Auzeninso zinthu zimene angakuitanireni nthawi ina iliyonse: wina akavulala kapena kudwala, moto, kapena mlendo wachilendo pakhomo. Sokosi yosowa ndi mkangano wa supuni zidikire. Masiku oyamba adzakuyesani, ndipo chimene chidzawaphunzitse ndi kuona kuti simutuluka chifukwa cha sokosi, komanso kuti mumatulukadi pa nthawi imene munanena. Mukawonjezera mphindi 20 tsiku lina chifukwa pemphero lakoma, mwaphwanya panganolo ndinu, ndipo mawa adzagogoda. Mwana wosakwana zaka zitatu sangasunge pangano lotere. Iye akadzuka muikeni pamiyendo kapena kumsana n'kupitiriza, kapena wamkulu wina amutenge, ndipo musamukalipire pa malo amenewo, kuti asakule akudziwa kuti kona ya pemphero ndi kumene amayi amakwiyira.

Mlamu wanu ndiye wofunika nzeru zambiri. Iye ndi mlendo ndiponso mwini, popeza ali kwa mchimwene wake, ndipo mawu alionse onena za kapempheredwe kake angamveke ngati mukumuthamangitsa kapena mukunyoza mpingo wake. Musamutumizire mawu kudzera mwa ana, ndipo musayambe nkhaniyi m'mawa umene wakudzutsani. Musamuponyerenso mavesi. N'zoona kuti pa Mateyu 6:6 pali mawu a kulowa m'chipinda ndi kutseka chitseko, ndipo pa 1 Samueli 1:13 Hana anapemphera milomo ikugwedera mawu osamveka, koma iyenso ali ndi mavesi ake a kufuulira Yehova, ndipo mtsutso umenewo sudzatha ndi inu awiri. Nkhani yanu si yakuti ndani amapemphera bwino, koma yakuti pansi pa denga limodzi lopanda siling'i mapemphero awiriwa sangachitike ola limodzi.

Choncho pitani kwa iye ndi chopereka, osati dandaulo lokha. Mungati: "Alamu, ndaona kuti nonse awirife timafuna nthawi ya Mulungu ndipo timasokonezana. Bwanji inu mutenge kuyambira 7 koloko mpaka 7:30 madzulo kuchipinda kwanu, ine ndizimitsa wailesi ndi kusunga ana pabalaza kuti mupemphere momasuka, ndipo ine nditenge 5 koloko m'mawa?" Mwa njira imeneyi iye akupindula chinthu chimene analibe, ndicho nthawi yotetezedwa, ndipo pemphero lokweza likugwera pa ola limene anthu ali maso, aneba sanagone. Ngati iye amaumirira mapemphero a pakati pa usiku kapena a mbandakucha, monga amachitira ambiri a mipingo imeneyi, mugwirizane kuti pa maola amenewo azipemphera motsitsa mawu, ndipo okweza akhale a madzulo ndi a kutchalitchi. Pepala la sabata yoyamba lija likuthandizani apa, chifukwa mukhala mukunena za maola enieni, osati zakuti "nthawi zonse mumasokosa". Zikakanika muli awiri, bambo akunyumba ndi amene ayenera kukhala pakati, popeza ndi mlongo wawo, koma akhale ngati wogawa nthawi, osati woweruza mipingo. Inunso mbali yanu muisunge: zithunzi ndi ziboliboli zikhale kuchipinda kwanu, ndipo pabalaza pakhale zimene nonse mumavomereza, monga Baibulo.

Ena owerenga ali ndi wachibale wa Chisilamu m'nyumba, ndipo kwa iwo muyeso umasintha pang'ono. Swala imachitika kasanu pa tsiku, imafuna malo aukhondo okwana kuimirira, kuwerama ndi kugunditsa mphumi pansi, ndiye kuti pafupifupi masentimita 80 m'lifupi ndi 130 m'litali, ndipo wopemphera amayang'ana ku Makka. Kuchokera ku Lilongwe mbali imeneyo ndi kumpoto, kupendekera kum'mawa madigiri pafupifupi 10, ndipo kuchokera ku Blantyre pafupifupi 7. Kutsogolo kwake kusakhale zithunzi za anthu kapena nyama, ndipo a m'nyumba aphunzire kusadutsa pafupi kutsogolo kwa munthu amene ali pa swala. Ngodya yoyang'ana khoma la kumpoto imathetsa zonsezi pakamodzi.

Pakatha masabata atatu, yang'anani malo anu ndi diso la mlendo, chifukwa amanena okha ngati zikuyenda. Mukapeza zovala zaunjikana pa kampando, musathamangire kukalipira anthu: kawirikawiri ndiye kuti zimene munachotsa pamenepo simunazipezere malo enieni, ndipo zabwerera kwawo. Khomani kapena mangani popachika zovala kwina, vutolo litha. Fumbi pa chikuto cha Baibulo likutanthauza kuti ola limene munasankha silikugwira, ndipo chofunika kusintha ndi olalo, osati zokongoletsa. Ngati mumasinzira masiku ambiri, onani nthawi imene mukugona, chokani pafupi ndi bedi, sambani kumaso musanayambe, ndipo mizere ina ya Kolona muinene chiimirire. Ngati phokoso lakunja silikutha pa ola lililonse, tizotsekera m'makutu ta siponji timathandiza, koma tigwiritseni ntchito pokhapokha pali wamkulu wina amene angamve mwana akalira.

Pali chizindikiro china chimene sichioneka pa shelefu koma pa nkhope za anthu. Mukaona kuti mumalowa kuseri kwa katani nthawi iliyonse pakabuka mkangano, kapena pamene ntchito yachuluka, a m'nyumba adzayamba kuiona ngati pothawira, ndipo ulemu umene anali kuipatsa udzatha. Sungani ola limene munagwirizana, ndipo nkhani zofunika kukamba ndi anthu muzikambe ndi anthuwo.

Konzekeraninso masiku amene nyumba idzasefukira, apongozi akabwera kuchipatala, pa tchuthi cha ana a abale, kapena pa maliro, pamene mpata wa kumiyendo kwa bedi udzafunika kuikapo katundu wa alendo. Pa chifukwa chimenechi zonse za pa shelefu zikhale zokwana m'kathumba kamodzi, mkeka ukhale wopindika, ndipo katani ikhale yomasuka ndi mfundo ziwiri. Masiku oterowo tengani kathumbako mupite pakhonde kapena kuseri kwa nyumba pa ola lanu lomwe lija, mutavala zofika m'mapazi ndi m'manja chifukwa udzudzu wa malungo umaluma mpaka mbandakucha, ndipo alendo akapita mubweze zonse pamalo pake tsiku lomwelo, masutikesi asanazolowerenso pakonapo.